Chakudya cha namwino wa pa naiti: nthawi yake, muyeso wake ndi kakonzedwe kake

Namwino amene ali pa naiti amagwira ntchito nthawi imene thupi lake linazolowera kugona. M'zipatala zambiri za m'Malawi ntchito ya usiku imayamba madzulo dzuwa lisanalowe n'kudzatha m'mawa wa tsiku lotsatira, kotero imaposa maola 12. M'maola amenewa muli kupereka mankhwala, kuyeza odwala, kusintha madiripi, kulandira obwera mwadzidzidzi ndi kulemba ripoti. Mpata wokhala pansi n'kudya umapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ukapezeka umakhala wa mphindi 10 kapena 15. Ndondomeko ya chakudya yothandiza munthu wotere ili ndi mfundo zitatu. Chakudya chachikulu chidyedwe asanapite ku ntchito, cha usiku chikhale chochepa koma chokhalitsa m'mimba, ndipo zonse zikhale zokonzeratu kunyumba.

Zimene zimachitika m'thupi usiku

Thupi la munthu limayendera nthawi yakeyake ya maola pafupifupi 24, ndipo chimene chimaiwongolera kwambiri ndi kuwala kwa dzuwa. Kukada, ubongo umatulutsa mahomoni otchedwa melatonini amene amabweretsa tulo, thupi limazizirirako, ndipo m'mimba ndi m'matumbo ntchito imayenda pang'onopang'ono. Kusintha kumeneku sikuima chifukwa choti munthu ali maso mu wodi. Ngakhale amene wagwira naiti masiku angapo motsatizana, thupi lake silitembenukira kwathunthu ku moyo wa usiku, chifukwa m'mawa uliwonse poweruka amakumana ndi dzuwa.

Pa nkhani ya chakudya pali zotsatira ziwiri. Choyamba, chakudya chimachedwa kugayika. Mbale ya nsima imene masana imatsika bwinobwino, ikadyedwa 1 koloko usiku imakhala m'mimba nthawi yaitali, n'kubweretsa kutupa m'mimba, chilungulira ndi tulo tolemera. Chachiwiri, usiku thupi silimva bwino insulini, amene ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu. Choncho chakudya chomwecho chimakweza shuga kwambiri chikadyedwa pakati pa usiku kusiyana ndi masana. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu ogwira ntchito usiku kwa zaka zambiri amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga.

Kuperewera kwa tulo kumawonjezera vuto lina. Munthu amene sanagone mokwanira amamva njala yoposa imene thupi likufunadi, ndipo mtima umathamangira zotsekemera ndi zamafuta. N'chifukwa chake cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, nthawi imene thupi limafooka kwambiri, mandasi, mabisiketi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zimaoneka ngati ndizo mankhwala a kutopa. Zimadzutsadi kwa kanthawi kochepa, kenako shuga amatsika ndipo tulo timabwerera ndi mphamvu, pa nthawi imene namwino akuyenera kuwerengera bwino mlingo wa mankhwala a m'mawa.

Chakudya chokhalitsa m'mimba

Kukhuta kuli mitundu iwiri. Kwina n'kodzaza mimba, monga kwa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi woyera, kumene kumatha pakangopita ola limodzi kapena awiri. Kwina n'kokhalitsa, ndipo kumachokera ku zinthu zitatu: mapuloteni, gaga wa m'chakudya, ndi mafuta pang'ono. Mapuloteni amapezeka mu mazira, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, usipa, mtedza ndi chambiko. Gaga ndi gawo la chakudya limene siligayika msanga, ndipo ali wambiri mu mgaiwa, nyemba, masamba ndi zipatso zodya zathunthu. Mafuta abwino ali mu mtedza, nsinjiro, chiponde ndi mapeyala. Zitatuzi zikaphatikizidwa ndi chakudya chokhutitsa chochepa, shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono ndipo njala imachedwa kubwera.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene anamwino amaphunzitsa amayi ku sikelo amagwiranso ntchito pano: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wa pa naiti amagawa maguluwa motsatira nthawi. Zokhutitsa zambiri zimapita ku chakudya cha madzulo, pamene zanyemba, mazira, mtedza ndi zipatso zimatenga malo aakulu usiku.

Muyeso wake si wovuta kuukumbukira. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni, kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15, ndipo mtedza wodzadza dzanja limodzi, umene ndi magalamu ngati 30, uli ndi pafupifupi 7. Chakudya cha pakati pa usiku chimene chafika magalamu 15 mpaka 20 a mapuloteni chimakwanira kumufikitsa munthu m'bandakucha popanda njala yopweteka. Izi zikutanthauza mazira awiri ndi mtedza dzanja limodzi, kapena kapu ya nyemba yokhala ndi mbatata pang'ono.

Nthawi zinayi zodyera

Tiyerekeze namwino wa mu wodi ya ana amene amalandira ripoti 5 koloko madzulo n'kuweruka 7:30 m'mawa. Amayenda ulendo wa mphindi 45 pa minibasi, kunyumba ali ndi firiji koma magetsi amazimazima, ndipo ku wodi kuli ketulo yowiritsira madzi koma kulibe potenthetsera chakudya. Tsiku lake la chakudya lili ndi nthawi zinayi.

Nthawi yoyamba ndi ya m'ma 3 koloko masana, atadzuka ndi kusamba. Apa ndi pamene pali chakudya chachikulu cha tsikulo, ndipo chimafanana ndi nkhomaliro ya munthu wina aliyense: mitanda iwiri ya nsima ya mgaiwa, ndiwo za usipa, nyemba kapena nkhuku, ndi masamba ochuluka monga nkhwani wotendera, bonongwe kapena mpiru. Thupi likadali m'chimake cha masana, kotero limagaya chakudyachi bwino. Amene amadumpha chakudya chimenechi chifukwa chodzuka mochedwa ndi amene amapezeka ali pa chiwaya kunja kwa chipatala 8 koloko usiku, akugula tchipisi. Ndi bwino kuchidya ola lathunthu asananyamuke kuti asakwere minibasi mimba ili ndendende.

Nthawi yachiwiri ndi ya pakati pa 10 ndi 11 koloko usiku, mankhwala a usiku ataperekedwa ndipo wodi itayamba kukhala bata. Chakudya cha nthawi iyi chikhale ngati theka la chija cha madzulo, chodyeka ndi supuni m'mphindi 10, chosafuna kusamba m'manja kawirikawiri kapena kuchotsa minga ya nsomba. Futali, nyemba zosakaniza ndi mbatata, kapena mpunga wochepa ndi nandolo ndi zitsanzo zabwino. Kuchidya 12 koloko isanakwane kumathandiza, chifukwa kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa ndi pamene thupi limavutika kwambiri ndi chakudya cholemera.

Nthawi yachitatu ndi ya m'ma 2 kapena 3 koloko m'bandakucha. Apa pamangofunika kakamba wogwiriziza m'mimba: nthochi imodzi ndi mtedza wodzadza dzanja, dzira lowiritsa ndi gwafa, kapena kapu ya chambiko. Amene sakumva njala angathe kungomwa madzi, palibe chokakamiza. Chofunika n'chakuti kakambayo akhale m'chikwama, chifukwa njala ya nthawi imeneyi ikapeza munthu alibe kanthu, amadya chilichonse chimene mnzake watulutsa.

Nthawi yachinayi ndi ya m'mawa atafika kunyumba, cha m'ma 8:30, asanagone. Kugona ndi njala kumadzutsa munthu pakangopita maola awiri kapena atatu, pomwe kugona atakhuta kwambiri kumabweretsa chilungulira. Mbale yaing'ono ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena la ufa wa chimanga ndi soya monga Likuni Phala, imakwanira. Phala limapsa m'mphindi zochepa, silichedwa m'mimba, ndipo nsinjiro zimalipatsa mphamvu yomugoneka munthu mpaka masana. Tiyi ndi khofi zilibe malo pa nthawi imeneyi.

Mausiku anayi, chakudya chosiyanasiyana

Chakudya chimodzimodzi usiku uliwonse chimakola, ndipo ndondomeko yokola siichedwa kusiyidwa. Namwino uja ali ndi mausiku anayi motsatizana, ndipo atha kuwagawa motere popanda kuphika zinthu zambiri.

Usiku woyamba, madzulo amadya nsima ndi usipa wa tomato ndi nkhwani. Ku ntchito amanyamula futali ya mbatata zitatu zapakatikati yothira masupuni atatu a nsinjiro, pamodzi ndi dzira limodzi lowiritsa. M'bandakucha amadya nthochi ndi mtedza. Usiku wachiwiri, madzulo pali nsima ndi nyemba ndi chainizi. Kapu imodzi ya nyembazo amaipatula, n'kuduliramo mbatata yophika, ndipo chimenechi ndicho chakudya cha 10 koloko. Kakamba wa m'bandakucha ndi dzira ndi gwafa.

Usiku wachitatu kutopa kumakhala kwachuluka ndipo chilakolako chophika chimachepa, choncho ndi usiku wa zinthu zosafuna moto. Madzulo amatenthetsa mpunga ndi nyemba zotsala, n'kudulira tomato, anyezi ndi kabichi. Ku ntchito amatenga magawo awiri a buledi wabulauni opaka chiponde, mazira awiri ndi theka la peyala. Kakamba ndi chigumu chimodzi chaching'ono cha mgaiwa ndi nthochi. Usiku wachinayi, madzulo amadya nsima ndi nyama ya soya ndi bonongwe, ku ntchito amanyamula nandolo kapena khobwe ndi mpunga wodzadza theka la kapu, ndipo m'bandakucha amadya mtedza ndi chipatso chimene chili pa msika nyengo imeneyo, kaya mango, nachesi kapena papaya.

Mu ndondomekoyi nsima imapezeka kamodzi pa tsiku, dzuwa likadalipo. Amene sangathe kugona naiti popanda nsima angathe kunyamula mtanda umodzi wa mgaiwa ndi ndiwo zambiri, n'kudya 11 koloko isanadutse. Vuto la nsima ku wodi ndi lakuti ikazizira siikoma, imafuna kusamba m'manja ndi kukhala pansi mosadodometsedwa, ndipo munthu akayamba sakhutira ndi mtanda umodzi.

Kukonzeratu pa tsiku lopuma

Munthu amene wagona maola asanu okha masana alibe mphamvu yoyatsa mbaula kuti aphike nyemba. Ndondomeko yonse imadalira ntchito ya maola awiri kapena atatu imene imachitika tsiku loti mawa lake naiti ikuyamba.

Ntchito imayambira pa nyemba, chifukwa ndizo zimachedwa kupsa. Makapu awiri a nyemba zouma amanyikidwa m'madzi usiku wonse, madziwo n'kutayidwa, ndipo nyemba zimaphikidwa m'madzi atsopano. Kunyika kumafupikitsa nthawi ya pamoto, kumapulumutsa makala, komanso kumachepetsa mpweya wa m'mimba umene nyemba zimabweretsa. Ziyenera kubwadamuka kwambiri mphindi zosachepera 10 poyamba, kenako n'kumapsa pang'onopang'ono mpaka zitafewa, chifukwa nyemba zosapsa bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Makapu awiri ouma amatulutsa makapu asanu kapena kuposerapo ophika. Zikazizira zimagawidwa m'makontena ang'onoang'ono a kapu imodzi imodzi, kuti pasakhale kutenthetsa mphika wonse tsiku lililonse.

Nyemba zili pamoto, mtedza wokwana makapu awiri umakazingidwa popanda mafuta. Usanakazingidwe umasankhidwa bwino, ndipo wonyala, wofumbwa, wakuda kapena wachuku umatayidwa. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Theka la mtedzawo limasinjidwa kukhala nsinjiro za phala ndi futali, theka linalo limagawidwa m'timapepala kapena timabotolo ta dzanja limodzi limodzi. Kugawiratu kuli ndi chifukwa chake: mtedza uli ndi mafuta ambiri, dzanja limodzi lili ndi makalori pafupifupi 170, ndipo munthu amene watsegula jumbo lonse pa tebulo la anamwino amalimaliza osadziwa.

Mazira asanu ndi limodzi amawiritsidwa mphindi 10 mpaka 12 kuti alimbe mpaka mkati, ndipo amasungidwa osasenda. Mufiriji amakhala bwino mpaka sabata imodzi. Chigumu cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa chimaphikidwa tsiku lomwelo, ndi shuga wochepa kapena popanda shuga chifukwa nthochi zimatsekemera kale, n'kudulidwa m'zidutswa. Mbatata, masamba ndi nsima siziyenera kukonzedweratu: zimapsa msanga, ndipo zimakoma zikaphikidwa tsiku lomwelo. Mbatata ya futali imatha kuikidwa pamoto umodzi ndi nsima ya madzulo, kotero siifuna nthawi yakeyake.

Kusunga chakudya kuti chisasase

Chakudya chophikidwa 3 koloko masana n'kudyedwa 10 koloko usiku chimakhala chadikira maola asanu ndi awiri, ndipo apa ndi pamene ndondomeko zambiri zimagwera. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, nyemba ndi ndiwo zotendera zimasasa msanga kuposa nthawi ina iliyonse. Komanso chakudya chingathe kukhala ndi tizilombo tambiri chisanayambe kununkha, choncho mphuno si yodalirika.

Njira zotetezera zilipo ziwiri: kuchisunga chotentha kwambiri kapena chozizira kwambiri. Ku wodi yopanda potenthetsera, njira yosavuta ndi fulasiki ya chakudya, ija ya kukamwa kwakukulu. Imathiridwa kaye madzi owira n'kutsekedwa mphindi zisanu kuti itenthe, madziwo amakhuthulidwa, kenako chakudya chimalowa chikuchokera pamoto chikubwata, n'kutseka nthawi yomweyo. Fulasiki yodzadza imasunga kutentha kuposa yofika theka, ndipo chakudya cha msuzi monga nyemba chimasunga kutentha kuposa chouma. Fulasiki yabwino imasunga chakudya chotentha kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndiye amene wanyamula chakudya 4 koloko ayenera kudya 10 koloko isanadutse kwenikweni. Ngati potsegula sichikutuluka nthunzi ndipo changokhala chofunda, fulasikiyo siyoyenera ntchito imeneyi.

Mpunga umafuna kusamala mwapadera. Uli ndi tizilombo tina timene sitifa pophika, ndipo mpunga ukakhala wofunda maola ambiri timatulutsa poizoni amene satha ngakhale utenthetsedwenso. Chizindikiro chake ndi kusanza kumene kumayamba pakangopita ola limodzi mpaka asanu munthu atadya. Mpunga wotsala uzizizidwe msanga m'mbale yotambalala, ulowe mufiriji pasanathe ola limodzi kapena awiri, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha. Zophika zina zotsala zimakhala mufiriji masiku atatu kapena anayi. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi, choncho nyemba za usiku wachitatu ndi wachinayi ndi bwino kuziumitsa m'chipinda cha ayezi.

Ku chipatala, firiji ya katemera, magazi kapena mankhwala si malo a chakudya, ngakhale itakhala ndi mpata. Kutsegulatsegula kumasokoneza kuzizira kumene mankhwalawo amafuna, ndipo chakudya chingathe kutenga tizilombo. Kumene kulibe firiji ya ogwira ntchito ndiponso fulasiki palibe, chanzeru ndi kunyamula zosawonongeka msanga: buledi wa chiponde, mtedza, chigumu, zipatso zosasenda, peyala lodula pa nthawi yodya, ndi ufa wa mkaka wosungunula ndi madzi a mu ketulo. Chambiko ndi mazira owiritsa zimafuna kuzizira, ndipo botolo la madzi oumitsidwa loikidwa nazo m'chikwama chimodzi limathandiza, kenako madziwo amamwedwa akasungunuka. Chakudya chidyedwere m'chipinda chopumira, munthu atavula magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo, osati pa tebulo lokonzera mankhwala.

Tiyi, khofi ndi madzi

Tiyi ndi khofi zili ndi kafeini, amene amachotsa tulo kwa kanthawi. Akamwedwa pa nthawi yake amathandiza, koma amachedwa kutuluka m'thupi. Pakapita maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'magazi. Namwino amene wamwa khofi 5 koloko m'mawa kuti amalize ripoti amafika pabedi 9 koloko kafeini akadali wambiri, amagona mwa apo ndi apo, amadzuka wotopa, ndipo usiku wotsatira amafuna khofi wochulukirapo. Lamulo losavuta ndi kusiya kafeini maola asanu ndi limodzi nthawi yogona isanakwane. Kwa wogona 9 koloko m'mawa, kapu yomaliza ikhale 3 koloko isanakwane.

Munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 a kafeini pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera asapitirire 200. Kapu ya tiyi ili ndi mamiligalamu pafupifupi 40 mpaka 50, ya khofi wosungunula pafupifupi 60 mpaka 80. Makapu awiri kapena atatu pa usiku wonse amakwanira: imodzi kumayambiriro kwa ntchito, ina pakati pa usiku, ndipo ngati kuli kofunika yomaliza cha m'ma 2 koloko. Tiyi amachepetsanso ayironi amene thupi limatenga kuchokera ku nyemba ndi masamba, choncho ndi bwino kusiya ola limodzi pakati pa chakudya ndi tiyi, makamaka kwa amayi amene magazi amawachepera. Gwafa, nachesi kapena madzi a malambe zimachita zosiyana: vitamini C wa m'zipatsozi amathandiza thupi kutenga ayironiyo.

Shuga wa m'zakumwa amachuluka mosaonekera. Botolo la mamililita 300 la chakumwa choziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi asanu ndi atatu, pamene malire a munthu wamkulu pa tsiku lonse ndi masupuni ngati 12. Makapu atatu a tiyi othira masupuni atatu atatu afika kale pa 9. Zakumwa zimene amati zopatsa mphamvu zimaphatikiza shuga ndi kafeini wambiri m'chitini chimodzi, ndipo zingathe kubweretsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa manja, zimene sizifunika kwa munthu wobaya jakisoni mwana. Thobwa ndi maheu zimakhutitsa, koma ndi chakudya osati madzi, kotero kapu imodzi ilowe m'malo mwa kakamba wa m'bandakucha, isawonjezere pamwamba pake.

Madzi ndiwo amaiwalika kwambiri. Mutu wa m'bandakucha ndi kufooka nthawi zambiri zimachokera ku ludzu. Botolo la lita imodzi ndi theka lomwedwa pang'onopang'ono usiku wonse limakwanira anthu ambiri, ndipo nyengo yotentha pamafunika oposerapo. Mkodzo wachikasu kwambiri ndi chizindikiro choti madzi achepa. Ambiri amwedwe kumayambiriro ndi pakati pa usiku, n'kuchepetsa kukamacha, kuti chikhodzodzo chisamudzutse munthu tulo titangoyamba.

Kudziwa pamene ndondomeko yalakwika

Thupi limasonyeza lokha pofunika kukonza. Tulo tolemera timene timabwera pasanathe ola munthu atadya timasonyeza kuti chakudya cha usiku chinachuluka, kapena munali zokhutitsa zambiri ndi mapuloteni ochepa. Mankhwala ake ndi kuchepetsa mpunga kapena mbatata n'kuwonjezera dzira. Njala yonjenjemeretsa ya 3 koloko imasonyeza kuti chakudya cha madzulo chinadumphidwa kapena cha 10 koloko chinali tiyi ndi buledi basi. Chilungulira pogona m'mawa chimachokera ku zokazinga, tsabola, khofi wa mochedwa kapena kadzutsa wochuluka. Kudzimbidwa, kumene kumavutitsa ogwira naiti ambiri, kumachepa ndi madzi, mgaiwa, masamba ndi papaya. Kutupa m'mimba chifukwa cha nyemba kumachepa munthu akayamba ndi theka la kapu n'kumawonjezera pang'onopang'ono, kapena akasamutsira nyembazo ku chakudya cha madzulo n'kunyamula mazira usiku.

Pali usiku wina umene wodi imadzadza ndipo 10 koloko imadutsa munthu asanakhale pansi. Zikatero, mtedza ndi nthochi zimadyedwa msanga mpata wa mphindi ziwiri ukapezeka, ndipo cha mu fulasiki chimadyedwa theka lokha ngati chikadali chotentha. Kubwezera chakudya chonse chodumphidwa 4 koloko m'mawa kumawononga tulo ta masana.

Ena amafunika kusintha ndondomekoyi. Namwino wa matenda a shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asasunthe nthawi zodyera asanakambirane ndi amene amamuona ku kiliniki, chifukwa mankhwalawo amayendera limodzi ndi chakudya, ndipo azikhala ndi shuga kapena maswiti m'thumba kuopa kutsika kwa shuga mwadzidzidzi. Wa kuthamanga kwa magazi achepetse mchere, umene pa tsiku usapitirire magalamu 5, pafupifupi supuni imodzi ya tiyi. Usipa wouma wothira mchere aunyike kaye m'madzi, ndipo mtedza aukazinge wopanda mchere. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafuna chakudya chowonjezera, choncho awonjezere kakamba wina pakati pa usiku m'malo mokulitsa mbale imodzi. Wa zilonda za m'mimba apewe khofi pa mimba yopanda kanthu.

Tsiku lomaliza naiti lili ndi dongosolo lake. Namwino amadya phala lake la m'mawa, amagona maola atatu kapena anayi okha, n'kudzuka masana kudya nkhomaliro yopepuka. Madzulo amadya mgonero ndi banja pa nthawi yake ya masiku onse ndipo amagona usiku. Kudya pa nthawi za masana, pamodzi ndi kutuluka panja kukaona dzuwa, kumathandiza thupi kubwerera msanga ku nthawi yake, kotero masiku opuma ndi a ntchito ya masana amayenda ndi chakudya katatu pa tsiku monga mwa nthawi zonse.